Mbewu Yachita Nthambi Zambiri Koma Zipatso Palibe: Kuthetsa Mavuto a Kuthena Tomato ndi Khofi

Chaka ndi chaka madandaulo ake amakhala omwewo. Wa tomato ku dimba amati mbewu yake yasanduka chitsamba chobiriwira bwino koma zipatso ndi zowerengeka, pamene wa khofi ku Misuku kapena ku Ntchisi amati anadula nsonga ya mtengo kuti usatalike ndipo tsopano mphukira zatuluka ngati udzu. Nthawi zambiri gwero la mavuto onsewa ndi limodzi: mlimi anadula, kapena analeka kudula, asanadziwe kuti nsonga imene akuiyang'anayo ikugwira ntchito yanji pa mbewuyo.

## Zimene nsonga imachita

M'khwapa mwa tsamba lililonse, pamene tsambalo lalumikizana ndi thunthu, muli diso lomwe lingathe kuphuka n'kukhala nthambi. Maso ambiri amagona chifukwa nsonga yomwe ikukula pamwamba imapanga michere yotchedwa okisini, imene imatsika ndi thunthu n'kumaletsa maso a m'munsi kuphuka. Komanso nsongayo imakoka chakudya chochuluka chomwe masamba apanga. Mukaidula, okisini amachepa, chakudya chimapatukira kumaso aja, ndipo omwe ali pafupi ndi podulapo ndiwo amayamba kudzuka. Aliyense amene anathenapo fodya anaziona izi, chifukwa pakangopita masiku ochepa chichotsereni maluwa a pamwamba, mphukira zimabuka m'khwapa mwa masamba.

Kusiyana kwa mbewu ziwirizi kuli pa malo amene zipatso zimabadwira. Tomato amabereka pa thunthu latsopano lomwe likukula nyengo yomweyo, choncho kudula nsonga ndi kutseka khomo la maluwa ena pa thunthulo. Khofi wa Arabika amabereka makamaka pa mbali ya nthambi zopingasa yomwe inakula nyengo yapitayo, ndiye mpeni wa lero umakhudza kwambiri zokolola za chaka chamawa.

## TOMATO

### Chizindikiro choyamba: masamba ndi nthambi zathithikana, zipatso ndi zochepa kapena zazing'ono

1. Mphukira za m'khwapa sizinachotsedwe pa tomato wotalika. Ichi ndicho chifukwa chofala kwambiri. Pa tomato, mphamvu ya nsonga yoletsa maso ndi yofooka, moti mphukira zimatuluka ngakhale nsongayo ili yamoyo. Mphukira iliyonse ikakula imakhala thunthu lina lokhala ndi nsonga yake, masamba ake ndi mphukira zakenso, ndipo zonsezi zimalimbirana chakudya chochokera ku mizu imodzimodzi.

- Kufufuza: werengani masamba amene ali pakati pa tsango limodzi la maluwa ndi linzake. Akakhala atatu mobwerezabwereza, tomato wanu ndi wa mtundu wotalika monga Money Maker, ndipo amafuna kuchotsedwa mphukira.
- Kukonza: sankhani thunthu limodzi kapena awiri. Ngati mukufuna awiri, siyani mphukira yomwe ili pansi penipeni pa tsango loyamba la maluwa, chifukwa imeneyo ndiyo imakhala yamphamvu kuposa zonse. Zotsalazo thyolani ndi zala kamodzi pa sabata, zisanapitirire masentimita 5.
- Ngati mwachedwa ndipo mphukira zanenepa ngati pensulo, musazichotse zonse tsiku limodzi. Chotsani ziwiri kapena zitatu pa mbewu iliyonse, ndipo zinazo mungozitsina kunsonga n'kuzisiyira masamba awiri. Mukatero bala silikhala lalikulu pa thunthu, komanso mbewu siitaya masamba ochuluka mwadzidzidzi.

2. Feteleza wa nayitirojeni wachuluka. Yuleya wambiri kapena manyowa a nkhuku osawola bwino amakankhira mbewu kumasamba. Yang'anani thunthu pa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera kunsonga. Likakhala lonenepa kuposa chala chanu chaching'ono, masamba ali obiriwira moderako ndiponso opindikira pansi, ndiye kuti mbewu yadya mopitirira. Apa kuthena kwambiri kumangoonjezera vuto, popeza mphamvu yonse ija imathamangira ku mphukira zatsopano. Lekani kaye feteleza wobereketsa wa nayitirojeni mpaka matsango awiri oyamba atagwira zipatso, pakuti zipatsozo ndizo zimakoka chakudya n'kuikhazika mtima pansi mbewuyo.

3. Mbewu zabzalidwa mothinana kapena pamthunzi. Zikatero zimatalika mowonda pofuna dzuwa, mfundo zimatalikirana, ndipo maluwa amakhala ofooka. Nyengo imeneyi mungathe kungochepetsa mathunthu kukhala limodzi pa phando.

### Chizindikiro chachiwiri: mbewu yasiya kutalika, kapena zokolola zatsika mutathena

1. Mwathena tomato wa mtundu waufupi ngati wotalika. Mitundu monga Tanya, Roma ndi Rodade imadziikira yokha malire: thunthu limatulutsa matsango angapo motsatizana, pakati pake pali tsamba limodzi kapena awiri okha, kenako nsonga yeniyeniyo imasanduka tsango la maluwa ndipo kukula kumathera pomwepo. Pa mitundu imeneyi, zipatso zambiri zimachokera pa nthambi za m'mbali. Mlimi amene wachotsa mphukira zonse wataya gawo lalikulu la zokolola zake ndi manja ake, ndipo ndimamva chisoni ndikaona izi chifukwa kawirikawiri amakhala mlimi wakhama amene anangotsatira malangizo oyenera mtundu wina. Pa tomato waufupi chotsani mphukira za m'munsi mwa tsango loyamba zokha, kusiya imodzi yomwe ili pansi pake penipeni, ndipo pamwamba pa tsangolo musakhudzepo. Ngati mwachotsa kale, siyani mphukira zonse zomwe zitulukenso. Zidzabereka, ngakhale mochedwa.

2. Mwathyola nsonga yeniyeni poiyesa mphukira. Kumtunda kwa tomato wotalika, nsonga ndi mphukira yoyandikana nayo zimafanana msinkhu, ndipo n'kosavuta kulakwitsa. Musachotse kanthu pa masentimita 15 a kumapeto mpaka zitaoneka bwino. Ngozi ikachitika, sankhani mphukira yamphamvu yapamwamba kwambiri, muimangirire ku mtengo woimikira, ndipo idzatenga malo a nsonga. Mudzataya sabata imodzi kapena ziwiri basi.

3. Tizilombo taononga nsonga. Mbozi ya kagulugufe ka Tuta imaboola masamba anthete ndi nsonga. Tsegulani nsonga yofotayo: mukaona timikwasa toyera mkati mwa masamba ndi tindowe takuda, vuto si kuthena ayi.

### Chizindikiro chachitatu: maluwa akuyoyoka, kapena zipatso za pamwamba sizikupsa nyengo isanathe

Alimi ambiri maluwa akamagwa amathamangira kudula nsonga poganiza kuti chakudya chibwerera kumaluwa. Nthawi zina zimathandiza, koma yambani mwafufuza izi.

1. Kutentha kapena kuzizira. Mungu wa tomato umaonongeka masana akapitirira madigiri 32 kapena usiku ukamakhala pamwamba pa madigiri 21, monga zimakhalira ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala. Usiku ukazizira kutsika pa madigiri 13, monga ku Dedza ndi ku Tsangano mu Juni ndi Julayi, maluwanso sagwira bwino. Palibe kadulidwe kamene kangakonze zimenezi. M'nyengo yotentha siyani masamba ambiri, phimbirani nthaka ndi udzu, ndipo thirirani mosadukiza.

2. Mbewu yasenza kale katundu wokwanira. Matsango a m'munsi akadzaza zipatso zomwe zikukula, mbewu imagwetsa yokha maluwa a pamwamba. Mukayamba kukolola, maluwa otsatira amagwiranso.

3. Nsonga yasiyidwa kukula pamene nyengo yatsala pang'ono kutha. Apa ndiye pamene kudula nsonga kuli ndi phindu lenileni. Kuchokera pamene duwa latseguka kufika pamene chipatso chapsa pamatenga masabata 6 mpaka 8.

Tiyerekeze kuti munaokera Money Maker ku dimba mwezi wa Julayi, ndipo mukudziwa kuti kumapeto kwa Novembala dimbalo limadzaza madzi. Werengani chobwerera masabata 8, ndipo mufika kumayambiriro kwa Okutobala. Maluwa omwe adzatseguke pambuyo pa nthawi imeneyo sadzakupatsani tomato wakupsa, koma adzadya chakudya cha zipatso zomwe zilipo kale. Choncho sabata yoyamba ya Okutobala pezani tsango lapamwamba kwambiri lomwe maluwa ake atseguka, werengani masamba awiri pamwamba pake, ndipo dulani thunthu pamenepo. Masamba awiriwo amadyetsa tsango lomalizalo komanso amalitchinga ku dzuwa. Dziwani kuti sabata yotsatira mphukira zidzatuluka mwamphamvu kuposa kale chifukwa woziletsa uja wachoka, ndiye kuyendera mbewu sabata iliyonse kusalekeke.

### Chizindikiro chachinayi: masamba apindika, zipatso zawauka, kapena mbewu zikudwala motsatana mumzere

- Masamba a m'munsi akapindikira m'mwamba ngati chubu koma ali obiriwira, patangopita masiku ochepa mutathena kwambiri, si matenda. Chepetsani kuthena ndipo thirirani mofanana.
- Chipatso chikakhala ndi banga loyera lofwapa mbali yoyang'ana dzuwa, ndiye kuti munachotsa masamba ochitchinga. Chotsani masamba a m'munsi mwa tsango lomwe mukukolola okha.
- Matenda akamayenda kuchoka pa mbewu ina kupita pa yotsatira mumzere womwe munathena, manja kapena mpeni ndiwo akuwanyamula. Thenani masamba atauma mame, sambani ndi sopo makamaka ngati mwagwira fodya, ndipo viikani mpeni m'madzi a jiki, muyeso umodzi wa jiki pa miyeso 9 ya madzi.

Apa imani, itanani mlangizi: mbewu ikafota yonse masana pamene nthaka ili yonyowa, kapena mukadula thunthu n'kupeza mkati muli mofiirira. Ikani kachidutswa ka thunthulo m'galasi la madzi oyera; mukaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika kuchokera podulapo, ndi matenda ofotetsa a bakiteriya. Lekani kuthena munda wonse kufikira mlangizi atauona.

## KHOFI

Khofi ali ndi nthambi za mitundu iwiri, ndipo amene sanamvetse zimenezi amaononga mtengo. Pali thunthu loimirira, ndipo pali nthambi zopingasa zomwe zimatuluka ziwiriziwiri pa mfundo iliyonse. Pa mfundo ya thunthu, pamwamba pa tsamba lililonse, pali diso limodzi lokha lotulutsa nthambi yopingasa. Nthambi imeneyo ikafa kapena mukaidula mogundiza thunthu, siidzameranso pamalopo. M'munsi mwa disolo muli maso ena angapo ogona, ndipo amenewa akadzuka amatulutsa mphukira zoimirira zokha. Nsonga ya thunthu ndiyo imawagoneka.

### Chizindikiro choyamba: mtengo watalika, m'munsi muli mbee, zipatso zili kunsonga za nthambi ndi pamwamba pokha

1. Thunthu lakalamba ndipo silinasinthidwe. Mfundo ya nthambi yopingasa imene yabereka bwino chaka chino siiberekanso kwenikweni, motero chaka chilichonse malo obereka amasunthira kunja ndi kumtunda. Pakapita zaka zingapo mumakhala ndi nthambi zazitali zopanda masamba, zokhala ndi mfundo zochepa zobereka kumapeto, ndipo otchola amapinda ndi kuthyola mitengo pofuna kufikira. Mankhwala ake ndi kudula thunthu kuti maso ogona a m'munsi adzuke.

Tiyerekeze munda wa mitengo 300 yomwe yafika pamenepa. Musaidule yonse chaka chimodzi, chifukwa mtengo wodulidwa subereka chaka chotsatira, umabereka pang'ono chaka chachiwiri, ndipo umabwerera mwakale chaka chachitatu. Gawani mundawo magawo 6 a mitengo 50, muzidula gawo limodzi chaka chilichonse, kuyambira ndi lomwe lafooka kwambiri. Kadulidwe kake ndi aka:

- Dulani mukangomaliza kukolola, mvula isanayambe, pogwiritsa ntchito sowo yakuthwa. Chikwanje chimang'amba khungwa.
- Siyani chitsa chotalika masentimita 30 mpaka 45, ndipo podulapo pakhale mopendekeka kuti madzi asakhazikikepo.
- Ngati pali nthambi yopingasa yamoyo m'munsi, isiyeni kuti izidyetsa mizu kufikira mphukira zitakula.
- Mphukira zikafika masentimita 15 mpaka 20, siyani zinayi kapena zisanu zamphamvu. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, tsalani ndi ziwiri kapena zitatu zotalikirana mozungulira chitsa, zomwe zamera pansiko pang'ono osati pamlomo penipeni pa bala, pakuti za pamlomo zimakhadzuka ndi mphepo.
- Thirani manyowa ndi feteleza mvula ikayamba. Chitsa chanjala chimatulutsa mphukira zowonda.

2. Mthunzi wachuluka. Nthochi kapena mitengo ya mthunzi ikathithikana, mfundo za khofi zimatalikirana, maluwa amachepa, ndipo nthambi za m'munsi zimafa. Yambani mwaphata mitengo ya mthunziyo musanakhudze khofi.

3. Nthambi za m'munsi zinadulidwa mopitirira. Chotsani zokhazo zomwe zikukhudza nthaka.

### Chizindikiro chachiwiri: mphukira zabuka zambiri ndipo mkati mwa mtengo mwada

1. Munadula nsonga koma simunabwerenso. Kudula nsonga ya khofi pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka kufika mita imodzi ndi masentimita 80 ndi njira yabwino yosungira mtengo pofikirika, ndipo kumalimbikitsa nthambi zopingasa kutulutsa tinthambi tina tobereka. Koma ntchitoyi siithera tsiku lodulalo. Maso ogona a pa mfundo zapamwamba amadzuka onse, ndipo mphukira zake zikasiyidwa zimaphimba nthambi zobereka. Zithyoleni zili zanthete, miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, makamaka m'dzinja. Podula nsonga chotsaninso nthambi imodzi mwa ziwiri za pa mfundo yomaliza, chifukwa zonse ziwiri zikalemedwa ndi zipatso zimakokerana n'kung'amba thunthu pakati.

2. Tinthambi ta pa nthambi zopingasa sitinapatulidwe. Chotsani tonse tomwe tili mkati mwa masentimita 15 kuchokera pa thunthu kuti pakati pa mtengo pazidutsa mphepo ndi kuwala, komanso tomwe taloza mkati, pansi kapena topingasana. Mtengo wothithikana umasunga chinyezi chomwe matenda oola zipatso amakonda, umabisa nsikidzi za khofi, ndipo mankhwala opopera safika mkati.

3. Thunthu lapendekeka. Mtengo ukawerama ndi mphepo kapena katundu, nsonga imataya ulamuliro wake ndipo mphukira zimamera pamsana pa thunthu. Alimi ena amachita izi mwadala, kupinda mtengo waung'ono n'kuumangirira pa chikhomo kuti apeze mathunthu angapo. Ngati simunafune zimenezo, imikani mtengowo n'kuchotsa mphukirazo.

4. Nsonga zikufa zokha. Mukaona tinthambi tambiri tatifupi tatuluka pamalo amodzi ngati chitsatsa, pamene inu simunadule, ndiye kuti nsonga inaphedwa ndi nsikidzi za khofi kapena nthaka ikusowa mchere wa boroni. Musathire boroni mongoganizira, chifukwa akapitirira pang'ono amawaula masamba. Nthaka kapena masamba ayesedwe kaye.

### Chizindikiro chachitatu: nthambi zikuuma kuyambira kunsonga zipatso zisanapse, ndipo chaka chotsatira mtengo subereka

1. Mtengo wabereka mopitirira mphamvu zake. Khofi sagwetsa zipatso zikachuluka monga tomato amagwetsera maluwa ake. Amazigwirabe ngakhale masamba ndi ochepa, ndipo zipatsozo zimayamwa chakudya cha m'nthambi ndi m'mizu mpaka masamba achita chikasu, ayoyoka, nsonga n'kuuma. Popeza nthambi sinakule nyengo imeneyo, palibe mfundo zatsopano zodzabereka chaka chamawa, n'chifukwa chake zokolola zimasinthasintha, chaka china zambiri, china zochepa. Mitundu yaifupi yobereka msanga monga Catimor, makamaka yolimidwa padzuwa popanda feteleza wokwanira, ndiyo imavutika kwambiri.

- Kufufuza: m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale gwirani nthambi yodzaza zipatso. Ikakhala ndi masamba pa mfundo zobereka komanso mfundo zatsopano zingapo kunsonga, ili bwino. Ikakhala ndi zipatso zokhazokha ndi timasamba tiwiri kumapeto, ili pangozi.
- Kukonza: pululani zipatso zina zikadali zazing'ono, makamaka pa mitengo yobereka koyamba, ndipo thirani feteleza pamene zipatso zikukula. Mukatha kukolola, dulani mbali youma kufika pamene pali pabiriwiri, koma musafike pa thunthu.
- Kupewa: duliranitu mukangokolola, kuti muchepetse nthambi zobereka chaka chomwe mukuyembekezera zipatso zochuluka. Kutaya zipatso zina mwadala kumawawa, koma kumbwezeretsa mtengo womwe mizu yake yafooka kumatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo.

2. Chiwawu chayoyola masamba. Tembenuzani tsamba, ufa wachikasu kapena walalanje pansi pake ndiwo umboni. Kudulira kokha sikungachize.

3. Chilala kapena udzu wolimbirana chinyezi. Palirani ndi kuphimbira nthaka.

### Chizindikiro chachinayi: chitsa sichikuphuka, kapena mphukira zikufota zitamera kale

1. Mtengo unali utafooka kale. Womwe wangotha kuuma nthambi chifukwa chobereka mopitirira ulibe chakudya chosungira m'mizu. Upatseni nyengo imodzi ya manyowa musanaudule.

2. Chitsa chili mumthunzi wa mitengo yoyandikana nayo. Maso ogona amafuna kuwala, ndiye n'kwabwino kudula mzere wonse kapena gawo lonse kusiyana ndi mtengo umodziumodzi apa ndi apo.

3. Mbozi yoboola thunthu. Yang'anani patsinde: khungwa lodyedwa mozungulira, mabowo ndi utuchi pansi. Mtengo wotere kuudula sikuutsitsimutsa.

4. Matenda a khungwa. Tsinde la mphukira limakhala ndi banga lakuda lolowa mkati, kenako mphukirayo imafota kapena kuthyoka. Nkhungu yoyambitsa matendawa imalowera pa mabala, ndipo sowo imatha kuinyamula kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake.

Apa imani, itanani mlangizi wa khofi wa m'dera lanu kapena wa kopaletivi yanu:

- mukaona mabanga akuda patsinde pa mphukira pa zitsa zingapo;
- mukapeza mabowo ndi utuchi pa mitengo yambiri;
- zitsa zambiri zikapanda kuphuka patatha miyezi itatu chigwereni mvula;
- mtengo wonse ukafota mwadzidzidzi masamba ali pomwepo, kapena mukasenda khungwa patsinde n'kupeza nkhungu yoyera yonunkha bowa.

Kufikira mlangiziyo atafika, musadule mtengo wina uliwonse m'gawo limenelo, tsukani sowo ndi mpeni m'madzi a jiki, ndipo mangani kachingwe pa mtengo uliwonse wokayikitsa kuti iye akabwera aone ngati vutoli likutsata mzere womwe munadula kapena lamwazikana m'munda monse.